Pulanki ya mphindi ziwiri ndi theka, koma ukuwawa ndi msana

Kalaliki wa ku Limbe: Moni nonse. Ndili ndi funso la pulanki, masewera olimbitsa mimba aja okhazikika pa zigongono ndi zala za kumapazi thupi lili lowongoka, osasuntha. Mnzanga wa ku ntchito ananditumizira tchati cha masiku 30 chija, choyambira masekondi 20 n'kumakwera mpaka mphindi zisanu tsiku lomaliza. Ndikuchitsatira m'mawa ndisanasambe, ndipo pano ndikufika mphindi ziwiri ndi theka. Vuto ndi loti pamimba sindimva kanthu kwenikweni. Chomwe chimawawa ndi msana, m'munsimu pamene pamadutsa lamba, ndipo ululu wake umanditsatira mpaka pa mpando wa ku ofesi. Kodi ndi mmene zimakhalira thupi likamazolowera, ndipirire ndimalize? Kapena pali chomwe sichikuyenda?

Mnyamata wa Zitsulo: Pirirani akulu, thupi likulimba limenelo. Pali mkulu wina wa ku Czech, Josef Šálek, anakhala pa pulanki maola 9 ndi mphindi 38 mu 2023. Inu mphindi zisanu zokha mufika, musabwerere m'mbuyo.

Kochi wa Mpira: Ayi mwana wanga, usamuuze munthu kuti apirire msana. Kuwotcha kwa minofu ya pamimba ndi kuwawa kwa msana ndi zinthu ziwiri zosiyana. Achimwene a ku Limbe, ine ndikuganiza kuti simukukokera mchombo m'kati. Anyamata anga ndimawauza kuti kokani mimba ngati mukufuna mchombo ukagunde msana, mukatero msana umatetezeka. Yesani mawa.

Wafizio: Achimwene, musanayese china chilichonse, siyani kaye tchaticho. Mawa ikani foni pansi, muitsamiritse ku khoma kapena ku nsapato, pambali panu, pamtunda woti thupi lonse lizioneka kuyambira mutu mpaka chidendene. Valani malaya ogwira thupi kapena muvule, chifukwa malaya otaya amabisa msana. Chitani pulanki yanu monga mwa masiku onse, osakonza kanthu, n'kutitumizira vidiyoyo. Koma ndifunse kaye: ululuwo umatsikira ku tako kapena ku mwendo? Pali dzanzi, kapena mwendo kufooka?

Kalaliki wa ku Limbe: Ayi achemwali, sutsika. Uli pakati pomwepo, ngati wina akundifinya. Ndikakhala pansi n'kuwerama pang'ono umachepa. Vidiyo ndijambula m'mawa.

Wafizio: Chabwino. Zikanakhala kuti ukutsikira ku mwendo kapena pali dzanzi ndikanati nkhani ya pulanki ithere pompa, mupite kuchipatala akakuoneni.

Kalaliki wa ku Limbe: Nayi vidiyo ija. Ndafika mphindi ziwiri ndi masekondi 30 monga mwa nthawi zonse.

Wafizio: Ndaionera kangapo. Tiyeni tiyende nayo limodzi, inu muziimitsa pamene ndikutchulapo.

Poyambira pali bwino ndithu. Thupi lawongoka, phewa, chiuno ndi chidendene zili pamzere umodzi. Imitsani pa sekondi 25. Taonani malaya anu kumsanaku, payamba kuoneka kadzenje pamwamba pa lamba, ndipo lamba wakutsogolo wayamba kuloza pansi. Pa sekondi 40 chiuno chatsika kwambiri moti ntchafu zatsala pang'ono kukhudza mkeka, mutu mwaudzutsa mukuyang'ana khoma. Cha pa mphindi imodzi mwatopa ndi kulendewera kuja, mwakweza matako m'mwamba kuti mupumeko, kenako mwatsikanso. Kuyambira pamenepo mpaka kumapeto mukungosinthana ziwirizi, kulendewera ndi kutukula matako.

Ndiye kunena mosabisa, pulanki yanu ndi ya masekondi 25. Mphindi ziwiri zotsalazo ndi zomwe zikukupwetekani msana.

Chimachitika ndi ichi. Pa pulanki thupi lakhazikika pa zigongono ndi pa zala za kumapazi basi, pakati ponsepo palibe chochirikiza, ndiye kulemera kwanu kumakokera chiuno pansi. Ntchito ya minofu ya pamimba ndi kukana kuti msana usapindikire pansi. Ikatopa siikuuzani, imangolekerera pang'onopang'ono. Koma inu simugwa, chifukwa pali minofu ina ya kutsogolo kwa chiuno, ija imanyamula ntchafu mukamakwera masitepe, yomwe imapitiriza kugwira. Umodzi mwa minofu imeneyi unamera pa mafupa a msana wa m'munsi enieniwo. Ukamakoka wokha popanda mimba kuulimbana nawo, umakokera msana kutsogolo, kadzenje kaja kamakula, ndipo timfundo ta kumbuyo kwa mafupa a msana timapanikizana. Kufinya mukukumvako n'kumeneko. N'chifukwa chakenso mukawerama mumamva bwino, mumakhala mwatsegula pomwe panapanikizika.

Kalaliki wa ku Limbe: Ndaimitsa pa 25 ndipo ndaona. Chodabwitsa n'choti ndili pansipo ndimamva ngati ndawongoka bwinobwino mpaka kumapeto.

Wafizio: Pafupifupi aliyense amamva choncho, n'chifukwa chake ndinapempha vidiyo. Ngati pali wina pakhomo, njira ina ndi mpini wa tsache kapena wa mopu. Akugonekeni pamsana motsata thupi. Uyenera kukhudza malo atatu: kunkhongo, pakati pa mapewa, ndi pafupa la pamwamba pa matako. Pamsana wa m'munsi pazitsala mpata wongolowa chikhatho chopyapyala. Mpatawo ukakula moti nkhonya n'kulowa, mwalendewera. Mpini ukachoka kunkhongo, mutu wagwa.

Kochi wa Mpira: Ndiye si zomwe ndinanena zija asisi? Akokere mchombo m'kati chiuno chisagwe.

Wafizio: Pa vuto mwalondola a Kochi, mimba yawo siikugwira. Pa mankhwala ake ndi pomwe ndikusiyana nanu. Kukokera mchombo m'kati kumadzutsa kwambiri mnofu umodzi wa m'kati mwenimweni, ndipo timakugwiritsa ntchito pophunzitsa odwala ena kuumva mnofuwo. Koma munthu wonyamula thupi lake lonse pa zigongono amafunika khoma lonse la mimba ligwire, kutsogolo ndi m'mbali momwe. Komanso ambiri mukawauza kuti akoke mimba amangokoka mpweya n'kuutsekera m'chifuwa, nthiti n'kutukuka, msana n'kupindika kuposa kale. Ine ndimati limbitsani mimba monga mungachitire mutaona mpira ukubwera mwamphamvu kudzakumenyani pamimba. Simuikokera m'kati, simuitulutsa kunja, mumangoiumitsa pomwe ili.

Kochi wa Mpira: Ine ndaphunzitsa anyamata zaka zambiri ndi mawu a mchombowo ndipo amawongoka. Mwina zimatengera munthu.

Wafizio: Ngati mnyamata wamva mawuwo n'kuwongoka, akupuma bwino, musamusinthe. Ine ndimaweruza ndi zomwe msana ukuchita. Koma achimwene awa tiwapatse njira ina.

Achimwene, yambani chonchi. Gonani chafufumimba pa mkeka. Zigongono zikhale pansi pa mapewa enieni, osati kutsogolo, ndipo mikono iloze kutsogolo motalikirana ngati mapewa anu. Mu vidiyo mwalukanitsa zala ngati mukupemphera, zimenezo zimakokera mapewa m'kati ndi kukweza khosi. Zimasuleni, zikhatho zigone pansi kapena mufumbate nkhonya mopepuka.

Musanadzuke, konzani chiuno. Chiganizireni ngati beseni lodzaza madzi lomwe mwalinyamula m'chiuno mutaimirira. Mukalendewera, beseni lapendekera kutsogolo, madzi akutayikira ku zala za kumapazi. Mukufuna kulibweza kuti likhale tayale. Chomwe chimalibweza ndi matako. Afinyeni mwamphamvu, mudzamva fupa la kutsogolo likukwera pang'ono kulowera ku mchombo ndipo kadzenje ka kumsana kakuchepa. Kenako limbitsani ntchafu mpaka mawondo awongoke n'kuchoka pansi, ndipo mukatero nyamulani chiuno. Kankhani pansi ndi mikono kuti chifuwa chisamire pakati pa mapewa. Maso ayang'ane pansi, pakati pa manja anu, khosi litalike.

Mukafika pamenepo onjezani chinthu chimodzi: kokerani zigongono ku zala za kumapazi, ndi zala za kumapazi ku zigongono, ngati mukufuna kukwinya mkeka pakati, koma osasuntha. Gwirani masekondi 10 okha, mukupuma. Tsitsani mawondo. Mutiuze zomwe mwamva.

Kalaliki wa ku Limbe: Ndayesa pompano pabalaza. Mimba yayamba kunjenjemera ndisanafike pa 10. Matako nawo akuwotcha. Kumsana sindinamve kufinya kuja. Koma masekondi 10 achemwali, zoona? Ndikuona ngati ndabwerera ku tsiku loyamba.

Mnyamata wa Zitsulo: Ndi zomwe ndimafuna kufunsa. Masekondi 10 ngakhale thukuta silituluka. Ku jimu kwathu munthu wosafika mphindi zitatu timati sanayambe.

Wafizio: Kunjenjemerako ndi umboni woti minofu yomwe inkagona pa mphindi ziwiri zija tsopano yagwira ntchito. Ndipo sindikunena kuti kamodzi basi. Pali katswiri wa za msana, Stuart McGill, yemwe anaphunzitsa ndi kufufuza zaka zambiri pa yunivesite ya Waterloo ku Canada. Iye amalimbikitsa kugwira masekondi pafupifupi 10, kupuma pang'ono, n'kubwereza, ndipo chiwerengero chizitsika: mwachitsanzo kasanu, kenako katatu, kenako kamodzi. Maganizo ake ndi oti kupirira kwa minofu kumangidwe ndi kubwereza, osati ndi kutalikitsa kugwira kumodzi, kuti munthu asafike pomwe watopa n'kuyamba kupachika thupi pa msana.

Tawerengerani za achimwenewa. Kasanu, katatu ndi kamodzi ndi maulendo 9, pa masekondi 10 ndi masekondi 90 a ntchito yeniyeni. Pa tchati chija ankapeza 25 abwino ndi 125 owononga. Amene akupindula kwambiri ndi uti?

Kochi wa Mpira: Masamuwo ndawamva. Koma asisi, mpira ndi mphindi 90. Mnyamata amene mimba yake imangodziwa masekondi 10 adzathera pati chigawo chachiwiri? Ngakhale asilikali a ku America, a Marines aja, pa mayeso awo a thupi anachotsa zodzuka ndi mimba zija n'kuikapo pulanki. Kuti ukhoze umafunika mphindi imodzi ndi masekondi 10, kuti upeze malikisi onse mphindi zitatu ndi masekondi 45. Iwowo sadziwa za McGill?

Wafizio: Manambala mwatchulawo ndi oona, koma amenewo ndi mayeso. Poyesa anthu mazanamazana pabwalo umafuna chinthu chowerengeka ndi wotchi. Sizitanthauza kuti pokonzekera uzigona pansi mpaka kugwa tsiku lililonse. Amene akukonzekera mayeso otero ayenera kuzolowera kugwira nthawi yaitali, ndipo ndingamuthandize kutero. Achimwene a ku Limbe sakulowa usilikali, akufuna msana wosawawa ndi mimba yolimba.

Za mpira, wosewera sakhala wouma mimba mphindi 90. Amalimbitsa kwa kamphindi akamalimbirana mpira, akamadumpha, akamatembenuka, kenako amamasuka, n'kulimbitsanso. Kugwira mwamphamvu kwa nthawi yochepa kobwerezabwereza kumafanana ndi zimenezo kuposa kugona phee mphindi zinayi.

Kochi wa Mpira: Pamenepo sindikugonja kwathunthu. Mnyamata wotha mphindi ziwiri atawongoka bwino ine ndimamudalira, ndipo pali kulimba mtima komwe amaphunzira pamene thupi likuti siya. Anyamata anga azichitabe yaitali kamodzi pa sabata.

Wafizio: Kamodzi pa sabata, inu mutaima pambali n'kumamutsitsa chiuno chikangogwa, sindingatsutse. Mawu ofunika mwanena nokha, atawongoka bwino. Chomwe ndimakana ndi kuwerenga wotchi munthu atapindika kale.

Make Mapasa: Pepani ndalowerera mochedwa. Ine funso langa ndi lomweli la nthawi. Ndizigwira mphindi zingati patsiku kuti mimbayi iphwe? Chibadwire ana sinabwerere, ndipo ndikamachita pulanki pakati pa mimba pamatuluka kamzere kotukuka kuchokera pa mchombo kukwera m'mwamba.

Mnyamata wa Zitsulo: Amayi, mphindi imodzi katatu m'mawa ndi madzulo, mwezi umodzi mudzaona kusintha.

Wafizio: Ayi, dikirani kaye. Mayi, nkhani yanu ndi ina, ndipo muli zinthu ziwiri m'menemo. Choyamba, pulanki siisungunula mafuta a pamimba, kaya mugwire mphindi imodzi kaya khumi. Imalimbitsa minofu ya pansi pa mafutawo. Mafuta amachoka m'thupi lonse malinga ndi kadyedwe ndi kuyendayenda, thupi silichotsa pamalo pomwe pakuwotcha.

Chachiwiri ndi chomwe chandiimitsa. Kamzere kotukuka mukunenako kawirikawiri kamasonyeza kuti minofu iwiri ya kutsogolo kwa mimba, yomwe imatalikirana mayi akakhala woyembekezera, sinabwererane bwino, ndipo pakati pake pakadali pofewa. Zimachitika kwa amayi ambiri, makamaka pa mapasa. Kakatukuka ndiye kuti katundu mwaupatsa mimba wapitirira zomwe pakatipo pangagwire pakali pano. Siyani kaye pulanki ya pansi. Imirirani, tsamirani mikono pa khoma kapena pa tebulo lolimba, mapazi kumbuyo pang'ono, tulutsani mpweya pang'onopang'ono mukulimbitsa m'munsi mwa mimba, ndipo muyang'ane kapena mugwire ndi dzanja. Ngati pakhala posalala, yambirani pamenepo. Kwa inu mawu a a Kochi aja okokera m'munsi mwa mimba m'kati mofatsa angathandize. Koma pitani akakuyezeni ndi manja kuchipatala, makamaka ngati pa mchombo pali chotupa chowawa kapena mkodzo umadontha mukatsokomola. Pa foni sindingakuyezeni.

Make Mapasa: Zikomo kwambiri achemwali. Chotupa palibe, koma za kutsokomolazo zilipo pang'ono. Ndipita ndikapita ndi ana ku sikelo.

Madala a ku Zomba: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndimamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Mwana wanga ali ku Britain ananditumizira nkhani yoti pulanki imatsitsa bipi kuposa kuthamanga. Ndinayesa, koma ndikadzuka mutu umalemera, maso kuchita mdima pang'ono. Ndiye ndipitirize kapena ayi?

Wafizio: Bambo, nkhani imeneyo inachokera pa kafukufuku wa mu 2023 yemwe anasonkhanitsa zotsatira za mayesero 270. Anapeza kuti masewera olimbitsa minofu osasuntha amatsitsa bipi ndi pafupifupi 8 pa nambala ya pamwamba ndi 4 pa ya pansi, munthu akawachita kwa masabata angapo. Koma masewera omwe anayesedwa kwenikweni anali kukhala motsamira khoma ngati pali mpando, kufinya chogwirira m'manja, ndi kuwongola mwendo molimbana ndi chotchinga. Manyuzipepala ndi omwe anakonda kuika chithunzi cha pulanki. Ndipo kutsikako kumabwera pakapita nthawi. Pa nthawi yomwe mukugwirayo bipi imakwera, ndipo imakwera kwambiri mukatsekera mpweya.

Ndikufunseni, mukakhala pa pulanki mumapuma?

Madala a ku Zomba: Ndikaganiza bwino, ndimakoka mpweya poyamba n'kuluma mano mpaka nditatsika.

Wafizio: Mutu ukulemera chifukwa cha zimenezo. Mukatseka pakhosi n'kukankha, mphamvu ya m'chifuwa imakwera, bipi imalumpha, ndipo mukamasula n'kudzuka msanga imagwa mwadzidzidzi, maso n'kuchita mdima. Muyezo wosavuta ndi uwu: muziwerenga mokweza mawu. Ngati simungathe kutchula manambala momveka, mwatsekera mpweya kapena mwalimbitsa mopitirira. Kwa inu ndingakonde pulanki ya pa mawondo kapena yotsamira tebulo, masekondi 10 mpaka 15, osati kufinya ndi mphamvu zonse kuja ndawauza achimwene a ku Limbe, ndipo podzuka muziyamba mwakhala kaye pansi. Koma poti mdima wa m'maso wachitika kale, musachitenso mpaka mutakawauza a dokotala anu tsiku lokatenga mankhwala, akuyezeni. Ngati bipi siinakhazikike, kapena mumamva kuwawa pachifuwa, izi zidikire. Mankhwala musasiye.

Madala a ku Zomba: Ndamva mwanawe. Ndikafunsa Lachinayi.

Kalaliki wa ku Limbe: Za kupumazi zikundikhudza inenso. Ndikalimbitsa mimba mmene mwanenera, mpweya ukulowera pati? Ndikuona ngati ndikapuma ndimasula zonse.

Wafizio: Poyamba zimavuta aliyense. Simungapume mozama ngati mwagona pabedi. Pumani mpweya waufupi, ulowe m'mphuno n'kutambasula nthiti za m'mbali ndi za kumbuyo, utuluke pakamwa pang'onopang'ono ngati mukuuzira moto. Potulutsa ndi pomwe nthiti zimatsika ndipo mimba imalimba kwambiri, ndiye gwiritsani ntchito mpweya wotulukawo kukonzanso thupi. Pa masekondi 10 mupuma kawiri kapena katatu. Kutha kupuma mimba ili yolimba ndi gawo la zomwe mukuphunzira, chifukwa ponyamula thumba la chimanga kuchoka pa galimoto kukafika m'nyumba mumafunika zomwezo.

Ndondomeko yanu ikhale iyi. Masiku atatu kapena anayi pa sabata, osati tsiku lililonse. Gwirani masekondi 10, tsitsani mawondo mupume kawiri katatu, bwerezani mpaka kasanu. Pumulani theka la mphindi. Katatu. Pumulani. Kamodzi. Ulendo uliwonse ukathe msanga ngati chimodzi mwa izi chachitika: kufinya kwabwerera kumsana, matako amasuka ndipo simukutha kuwafinyanso, kapena mpweya watsekeka. Zikachitika pa ulendo wachitatu, otsalawo chitirani pa mawondo, chiuno chili chowongoka chimodzimodzi. Zikayamba kupepuka onjezani maulendo, kasanu ndi kamodzi, kanayi, kawiri. Pambuyo pake mutha kutalikitsa kufika masekondi 20 kapena 30.

Mnyamata wa Zitsulo: Nanga ine amene ndimatha mphindi zitatu? Mukuti nditsike ndifike pa 10?

Wafizio: Jambula vidiyo ya pambali kaye, mchimwene wanga, uone ngati zitatuzo zili zako zonse. Ngati ukutha mphindi imodzi thupi lili mzere umodzi, ukupuma bwino, pulanki wamba yakupatsa zambiri zomwe ingakupatse. Kuwonjezera mphindi kuchokera pamenepo kumakuphunzitsa kupirira pulanki, mphamvu siikwera kwenikweni, chifukwa katundu ndi yemweyo. Ku zitsulo ukatha kunyamula chitsulo maulendo 30 suwonjezera maulendo, umawonjezera kulemera. Apanso chimodzimodzi.

Njira yosafuna chida ndi kusuntha zigongono kutsogolo. M'malo mokhala pansi pa mapewa, zifike pansi pa mphuno kapena maso, matako ali ofinya. Mtunda wa pakati pa zigongono ndi mapazi ukatalika, mphamvu yokokera chiuno pansi imakula, ndipo mimba imagwira ntchito yochuluka kwambiri pa masekondi omwewo. Ukayese masekondi 15. Ina ndi kunyamula phazi limodzi pang'ono, kapena kutambasula dzanja limodzi kutsogolo, chiuno osapendekeka ngakhale pang'ono. Pamenepo mimba ikukana zinthu ziwiri, kulendewera ndi kupotoka.

Mnyamata wa Zitsulo: Ndayesa ya zigongono kutsogoloyo. Pa 20 ndatsika. Koma ndikumvanso m'mapewa kwambiri, kutsogoloku.

Wafizio: Mapewa amagwira ntchito yambiri pa imeneyo, kutopa n'koyembekezeka. Kubaya kwakuthwa ayi. Ngati kukubaya, bweza zigongono pang'ono, ndipo uonetsetse kuti ukukankha pansi, chifuwa chisamire pakati pa mapewa. Usakwezenso mapewa kufika m'makutu.

Wa ku Joni: Funso laling'ono. Ya pa zikhatho, ngati poyambira mapushapu, ndi ya pa zigongono, yabwino ndi iti? Ine zigongono zimandipweteka pa simenti.

Wafizio: Ya pa zikhatho imapepukirako pamimba chifukwa thupi lakwera kutsogolo, koma imalemetsa mfundo za manja. Ya pa zigongono imafuna zambiri pamimba. Ngati vuto ndi simenti yokha, pindani thaulo kapena chitenje kanayi muike pansi pa mikono, ndipo kulemera kugone pa mkono wonse kuchokera pa chigongono mpaka pa dzanja, osati pa nsonga ya fupa.

Kalaliki wa ku Limbe: Ndabweranso patapita masabata awiri. Kufinya kwa m'mawa kuja kunatha sabata yoyamba yomwe. Pano ndili pa kasanu ndi kamodzi, kanayi, kawiri, ndipo mkazi wanga amandiika mpini wa mopu pamsana, akuti sukusuntha. Koma ku ofesi ikamakwana 3 koloko masana msana umalemerabe, ngakhale si ululu womwe uja. Ndiwonjezere pulanki?

Kochi wa Mpira: Onjezani ya m'mbali achimwene. Ya kutsogolo yokha siikwana, minofu ya m'mbali mwa chiuno ndi yomwe imagwira munthu akamayenda ndi kutembenuka.

Wafizio: Apa ndikugwirizana ndi a Kochi, ndipo McGill yemwe uja pa masewera atatu omwe amawalimbikitsa kwambiri anaikapo ya m'mbali. Gonani chammbali, chigongono pansi pa phewa, yambani ndi mawondo opinda, nyamulani chiuno mpaka phewa, chiuno ndi bondo zikhale mzere umodzi. Cholakwika chofala apa ndi kubweza matako kumbuyo ngati mukukhala pa mpando, ndiye kankhirani chiuno kutsogolo. Masekondi 10 omwewo, mbali zonse ziwiri, ndipo muone ngati mbali ina ikufooka msanga kuposa inzake.

Koma kulemera kwa 3 koloko sindikukhulupirira kuti pulanki ikuchotsa, ngakhale mutaichita bwino chotani. Masekondi 120 a m'mawa sangafafanize maola asanu ndi awiri a pa mpando. Muzidzuka pakatha theka la ola kapena ola, muyende kukafika pakhomo n'kubwerera.

Kochi wa Mpira: Ine ndikuti mimba ikalimba bwino ngakhale kukhalako adzakupirira. Tiyeni tiwapatse mwezi wina tione.

Kalaliki wa ku Limbe: Ndichita zonse ziwiri. Funso lomaliza achemwali, pa ya m'mbaliyi ndikadzasiya mawondo n'kuwongola miyendo, mapazi ndiwasanjikize kapena lina kutsogolo?

Wafizio: La pamwamba liikeni kutsogolo kwa la pansi, chidendene chake chiyandikire zala za linalo. Mukhazikika bwino, ndipo mutha kutembenuka kuchoka m'mbali kupita kutsogolo n'kukafika mbali inayo osatsika. Potembenukapo nthiti ndi chiuno ziziyenda limodzi, chiuno chisatsogole. Mukafika pamenepo mujambulenso, koma ulendo uno foni ikhale kumutu kwanu kuti tione ngati chiuno chikubwerera kumbuyo.